Alikoholo wina amafika pa asidi, wina amathera panjira: chinsinsi chili m'madzi

Mowa wamasese ukagonera masiku angapo uli wosavundikira, umasasa. Vinyo naye mukamusiya pamphepo amasanduka viniga. Louis Pasteur wa ku France, m'zaka za m'ma 1860, anasonyeza kuti ntchitoyi imagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timatenga mpweya wa okosijeni n'kusandutsa etanolo, amene ndi alikoholo woledzeretsa uja, kukhala asidi wa asetiki. Kusintha kotereku akatswiri a kemisitiri amakutchula kuti okosideshoni, ndipo m'labotale amakuchita m'kanthawi kochepa pogwiritsa ntchito mankhwala.

Koma si alikoholo aliyense amene amathera pa asidi. Pali ayisopuropanolo, amene amapezeka mu sanitaiza wina wopaka m'manja. Ameneyu mukamuthira mankhwala omwewo amene amasasitsa etanolo, mupeza asetoni, madzi onunkhira mwamphamvu amene amayi amafufutira penti wa m'zikhadabo, ndipo nkhani imathera pomwepo. Etanolo nayenso salumpha n'kukafika pa asidi kamodzin'kamodzi. Amayamba wakhala kaye chinthu china chotchedwa asetaludehayidi, ndipo katswiri akafuna amatha kumuimitsa pamenepo. M'mabuku a sukulu mumalembedwa kuti mankhwala ofatsa amaimitsa panjira, aukali amafikitsa kumapeto. Mawuwa ndi oona, komabe amabisa chenicheni chimene chimasiyanitsa mankhwala awiriwa. Nthawi zambiri kusiyanako sikukhala m'mphamvu za mankhwalawo, koma m'madzi amene ali m'botolomo.

Yambani mwawerenga haidirojeni

Alikoholo aliyense ali ndi kagulu ka maatomu awiri, okosijeni ndi haidirojeni, kamene kamalembedwa kuti OH. Kaguluka kamakhala kolumikizidwa ku atomu ya kaboni, ndipo nkhani yonse yagona pa kaboni ameneyu. Kaboni amalumikizana ndi zinthu zinayi basi. Malo amodzi atengedwa kale ndi OH, ndiye patsala malo atatu.

Mu etanolo, CH3CH2OH, malo amodzi mwa atatuwo pali kaboni wina, ndipo awiri otsalawo pali haidirojeni. Alikoholo wotere amatchedwa wa pulayimale. Mu ayisopuropanolo, CH3CH(OH)CH3, malo awiri atengedwa ndi makaboni, ndipo haidirojeni watsala mmodzi yekha. Ameneyu ndi wa sekondale. Ulipo mtundu wachitatu, wa teshale, umene malo onse atatu ali ndi makaboni, popanda haidirojeni n'mmodzi yemwe.

Chimene mankhwala a okosideshoni amachita n'kulanda haidirojeni awiri nthawi imodzi: wa pa OH uja, ndi mmodzi wa pa kaboni. Awiriwa akachoka, kaboni ndi okosijeni amalumikizana kawiri, C=O. Pa alikoholo wa pulayimale, kaboniyo amatsalabe ndi haidirojeni mmodzi, ndipo chimene chapangidwacho ndi aludehayidi. Pa wa sekondale, haidirojeni yekhayo amene analipo wapita, ndipo chotsalacho ndi ketoni, monga asetoni. Wa teshale alibe chimene angalandidwe, choncho mankhwalawo amangomusiya mmene alili. Apa mukuona kale chifukwa chake aludehayidi angathe kupitirira pamene ketoni sangathe: woyambayo watsala ndi haidirojeni wina woti alandidwe, mnzakeyo alibe.

Mmene kulandako kumachitikira

Mankhwala odziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi potaziyamu dayikirometi, K2Cr2O7, wosungunulidwa m'madzi osakaniza ndi asidi wa salifiyuriki. Madzi ake amaoneka ngati khungu la lalanje lakupsa. Akamagwira ntchito, kiromiyamu wa m'menemo amasintha, ndipo madziwo amasanduka obiriwira. Makina oyezera oyendetsa galimoto oledzera amene Robert Borkenstein anapanga ku America mu 1954 ankadalira kusintha mtundu komweku: munthu akauzira mpweya wokhala ndi etanolo, mankhwala a m'katimo ankasintha mtundu.

Kiromiyamu sayamba ndi kukoka haidirojeni wa pa kaboni. Amayamba wagwira okosijeni wa pa OH, n'kukhala pamalo pamene panali haidirojeni wa kaguluko. Akakhazikika pamenepo m'pamene haidirojeni wa pa kaboni amathothoka, ndipo kiromiyamu amachoka atatenga maelekitironi awiri, kusiya C=O. Mu 1949 Frank Westheimer ndi mnzake, ku America, anayesa ayisopuropanolo amene haidirojeni wake wa pa kaboni anamulowetsa m'malo ndi haidirojeni wolemera, amene amavuta kuthothola. Ntchito inachedwa kuposa kasanu. Umenewu unali umboni wakuti kuthothola haidirojeni wa pa kaboni ndi kumene kumalamula liwiro la ntchito yonse.

Mfundo yoti muisunge ndi iyi: kuti kiromiyamu agwire ntchito, pafunika zinthu ziwiri pa kaboni mmodzi, OH woti agwirepo ndi haidirojeni woti athothole.

Pamene madzi amalowerera

Tayang'anani tsopano asetaludehayidi, CH3CHO. Haidirojeni pa kaboni alipo, koma OH palibe, chifukwa okosijeni uja tsopano ali mu C=O. Kiromiyamu alibe pogwira. Zikanakhala zokhazi, ntchito ikanathera pamenepa ngakhale mankhwala atachuluka bwanji.

Koma aludehayidi akakhala m'madzi sakhala phee. Madzi amalowa pa C=O paja n'kupatsegula, ndipo kaboniyo amapezeka ali ndi ma OH awiri, CH3CH(OH)2. Kusinthaku kumapita uku ndi uku mosalekeza, moti asetaludehayidi akasungunuka m'madzi, pafupifupi theka lake limakhala m'maonekedwe atsopanowa nthawi ina iliyonse. Ndiye werenganinso: OH alipo, haidirojeni pa kaboni aliponso. Kwa kiromiyamu, chinthu chimenechi ndi alikoholo ngati wina aliyense. Amachigwira, n'kulandanso haidirojeni awiri, ndipo chotsala ndi CH3COOH, asidi wa asetiki. Okosijeni wachiwiri wa mu asidiyu wachokera m'madzi. Ndipo aludehayidi wotsegukayo akamatha, wina amene anali wotseka amatseguka kulowa m'malo mwake, mpaka yense atatha.

Asetoni naye amatha kulandira madzi, ngakhale ndi pang'ono kwambiri. Koma ngakhale atero, kaboni wake wapakati amakhala ndi ma OH awiri ndi makaboni awiri. Pogwira palipo, chothothola palibe. N'chifukwa chake madzi sasintha kanthu pa alikoholo wa sekondale: mankhwala ofatsa ndi aukali onse amapereka ketoni yemweyo.

Choncho amene akufuna aludehayidi ali ndi njira ziwiri. Yoyamba n'kumuchotsa m'botolo akangopangidwa, asanakumanenso ndi kiromiyamu. Yachiwiri n'kugwira ntchito yonse popanda madzi.

Magalamu 4.6 a etanolo, njira ziwiri

Tiyeni titenge magalamu 4.6 a etanolo, amene ndi mamililita osakwana 6, supuni yaing'ono imodzi ndi kakuti. Dayikirometi mmodzi amatha kulanda haidirojeni awiriawiri katatu. Masamu ake amalembedwa motere:

3CH3CH2OH + Cr2O7²⁻ + 8H⁺ → 3CH3CHO + 2Cr³⁺ + 7H2O

3CH3CH2OH + 2Cr2O7²⁻ + 16H⁺ → 3CH3COOH + 4Cr³⁺ + 11H2O

Mzere woyamba ukunena kuti, pofuna kuthera pa aludehayidi, etanolo wathuyu amafunika magalamu 9.8 a potaziyamu dayikirometi, ndipo zonse zitayenda bwino tingapeze magalamu 4.4 a asetaludehayidi. Mzere wachiwiri ukunena kuti kufika pa asidi kumadya mankhwala owirikiza kawiri, magalamu 19.6, chifukwa kulandako kumachitika kawiri, ndipo mapeto ake ndi magalamu 6.0 a asidi wa asetiki.

Wina angaganize kuti kungoyeza magalamu 9.8 n'kokwanira. Ayi. Mukangosakaniza zonse n'kuzisiya, kiromiyamu sasankha. Amagwira etanolo, amagwiranso aludehayidi amene watseguka ndi madzi, ndipo mankhwala akamatha mumapeza chisakanizo: etanolo wina wosakhudzidwa, aludehayidi pang'ono ndi asidi. Chimene chimapulumutsa ntchitoyi ndi kutentha kumene zinthu zitatuzi zimawirira. Asetaludehayidi amawira pa madigiri pafupifupi 21, etanolo pa 78, asidi wa asetiki pa 118. Aludehayidi amawira msanga chonchi chifukwa alibe OH womatitsa mamolekyu ake, pamene anzake awiriwo ali naye.

Ndiye katswiri amatenthetsa asidi wa salifiyuriki wosungunula m'botolo lagalasi, n'kumadonthezeramo etanolo ndi dayikirometi pang'onopang'ono, ndipo amaonetsetsa kuti etanolo achulukirepo kuposa mmene masamu akunenera. Aludehayidi akangopangidwa amasanduka nthunzi, n'kutuluka kudzera m'paipi yozizira yopendekera pansi, kukagwera m'kabotolo kena. Kumeneku n'kutcheza, mofanana ndi mmene kachasu amatulukira mumphika kusiya madzi ndi masese m'mbuyo, kungoti pano chothawa ndi aludehayidi ndipo chosiyidwa ndi etanolo.

Amene akufuna asidi amachita zosiyana. Amathira dayikirometi wopitirira magalamu 19.6 aja, ndipo paipi yozizira amaiimika chilili pamwamba pa botolo. Nthunzi iliyonse yokwera imazizira n'kugweranso m'mankhwala momwemo. Aludehayidi sapeza pothawira. Akawiritsa chonchi kwa mphindi 20 kapena 30, m'pamene amapendeketsa paipi n'kutcheza asidiyo pamodzi ndi madzi. Onani kuti mankhwala ndi omwewo pa njira zonse ziwiri. Chasintha ndi kuchuluka kwake ndi kaimidwe ka paipi.

Tsopano chotsani etanolo, muikepo magalamu 6.0 a ayisopuropanolo, amene ali ndi mamolekyu ofanana kuchuluka ndi a etanolo uja. Magalamu 9.8 a dayikirometi apereka magalamu 5.8 a asetoni. Mukathira magalamu 19.6, asetoni sachuluka ndipo sasintha. Theka la mankhwalawo limangotsala osagwira ntchito, ndipo madzi sabiriwira bwinobwino, amaoneka oderako chifukwa mtundu wa lalanje wasakanikirana ndi wobiriwira.

Zimene zimalakwika ndi mmene mungadziwire

Cholakwika choyamba n'chosavuta kumva. Kuno kwathu masana ambiri kumatentha kupitirira madigiri 21, ndiye asetaludehayidi amawira ali pa tebulo popanda moto. Kabotolo kolandirira kakapanda kuikidwa m'madzi oundana, mutcheza kwa ola lathunthu n'kupeza fungo lokhalokha. Chachiwiri ndi moto wochuluka: nthunzi yotuluka ikafika pafupi ndi madigiri 78, dziwani kuti etanolo nayenso wayamba kutuluka asanagwiridwe ntchito. Chachitatu chimadziwika ndi mphuno. Mukamva kafungo kotsekemera ka zipatso, ndiye kuti aludehayidi wina wagwirana ndi etanolo m'malo mogwirana ndi madzi, ndipo kiromiyamu wachisandutsa esita. Izi zimachitika alikoholo ndi aludehayidi akakhalitsa limodzi m'botolo.

Kubiriwira kwa madzi sikukuuzani chimene mwapanga. Kumangonena kuti okosideshoni yachitika, kaya chatuluka ndi aludehayidi, asidi kapena ketoni. Chokhacho chimene mtunduwo umaulula ndi alikoholo wa teshale, chifukwa ndi ameneyu madzi amakhalabe a lalanje. Kuti musiyanitse zinazo pafunika kuyesa zimene mwatchezazo. Soda wophikira therere uja akathiridwa m'madzi okhala ndi asidi wa asetiki amachita thovu, koma mu aludehayidi kapena ketoni sachita. Mankhwala a Fehling, amene ndi abuluu, akatenthetsedwa ndi asetaludehayidi amatulutsa matope ofiira ngati njerwa yootcha. Mankhwala a Tollens amapaka siliva wonyezimira m'kati mwa galasi. Asetoni sachita chilichonse mwa ziwirizi, ndipo chifukwa chake n'chomwe chija: mankhwala a Fehling ndi a Tollens nawonso ndi a okosideshoni, ndipo amangogwira chimene chatsala ndi haidirojeni pa C=O.

Mankhwala ofatsa ndi amene alibe madzi

Njira yotcheza ija imathandiza pa maaludehayidi opepuka okha. Taganizani za okutanolo wa pulayimale, wa makaboni 8, amene amawira pa madigiri 195. Aludehayidi wake, okutanalo, amene amapezekanso m'mafuta a makoko a malalanje, amawira pa madigiri 171. Madzi a m'botolo angawire pa 100 iye adakali momwemo, akugwidwanso ndi kiromiyamu. Apa m'pamene njira yachiwiri ija imafunika.

Mu 1946 gulu la akatswiri a ku Britain, mmodzi wa iwo Ewart Jones, linafotokoza chisakanizo cha CrO3, asidi wa salifiyuriki ndi madzi, chimene amathira mu alikoholo wosungunulidwa mu asetoni. Mpaka lero amachitchula ndi dzina la Jones. Chili ndi madzi, ndipo chimafikitsa alikoholo wa pulayimale pa asidi ngakhale popanda moto. Asetoni amatha kukhala momwemo ngati chosungunulira chifukwa kiromiyamu alibe chomulanda. Mu 1975 Elias Corey ndi William Suggs a ku yunivesite ya Harvard anasonyeza ntchito ya mankhwala ena otchedwa PCC. M'menemo muli kiromiyamu wa mtundu womwewo wa mu Jones. Kusiyana kwake n'kwakuti PCC ndi ufa wouma umene umagwira ntchito mu dayikilorometheni, CH2Cl2, mmene mulibe madzi. Okutanolo akakumana ndi PCC amasanduka okutanalo, ndipo popeza palibe madzi oti atsegule C=O, amakhala choncho. Koma botolo likakhala lonyowa, kapena chosungunulira chikakhala kuti chayamwa chinyezi, asidi amayamba kuoneka ngakhale mankhwala ali a dzina lofatsa. N'chifukwa chake magalasi amaumitsidwa kaye mu uvuni, ndipo ena amathiramo ufa woyamwa madzi.

Pambuyo pake panabwera njira zopanda kiromiyamu. Ya Swern, ya mu 1978, imachitika pozizira kwambiri, nthawi zambiri pa madigiri 78 pansi pa ziro, ndipo imasiya fungo loipa la kabichi wovunda. Ya Dess ndi Martin, ya mu 1983, imadalira ayodini ndipo siifuna kuziziritsa, koma mankhwala ake ndi okwera mtengo. Zonse ziwiri zimachitika popanda madzi ndipo zimathera pa aludehayidi. Akatswiri anazifuna pa chifukwa chomveka: kiromiyamu wa mu dayikirometi, mu Jones ndi mu PCC amayambitsa khansa, amaotcha khungu, ndipo zotsala zake siziyenera kutayidwa m'sinki kapena m'nthaka. Ntchito zonsezi n'za m'labotale yokhala ndi zodzitetezera, osati za kukhitchini.

Mawu akuti ketoni sapitirira nawonso ali ndi malire. Sapitirira malinga ngati makaboni akhala olumikizana. Mankhwala aukali zedi, akatenthetsedwa, amatha kudula kulumikizana kwa kaboni ndi kaboni. M'mafakitale amachita dala zimenezi: amatenga alikoholo wa sekondale wa makaboni 6 olumikizana mozungulira, pamodzi ndi ketoni wake, n'kuwadula ndi asidi wa nayitiriki kuti apeze asidi wa adipiki, amene amapangira nayiloni. Kumeneku n'kuswa molekyu, kosiyana ndi kulanda haidirojeni kuja.

Chiwindi chimatsata lamulo lomweli

Thupi la munthu ladzaza ndi madzi, ndipo chiwindi chili ndi maenzaimu awiri ogwira ntchito motsatizana, ndiye alikoholo wa pulayimale sathera panjira. Enzaimu yoyamba imasandutsa etanolo kukhala asetaludehayidi, yachiwiri imamusandutsa asidi wa asetiki, amene thupi limamugwiritsa ntchito ngati chakudya. Wapakatiyo ndi poizoni: akachuluka, mtima umagunda mothamanga, mutu umapweteka ndipo munthu amachita nseru. Mankhwala a dayisalifiramu, amene madokotala amapereka kwa ena ofuna kusiya mowa, amatseka dala enzaimu yachiwiriyo kuti womwa akangolawa mowa adwale.

Metanolo, CH3OH, amadutsa njira yomweyo, ndipo m'pamene pali ngozi yake. Amasanduka fomaludehayidi, kenako asidi wa fomiki, amene amaononga mitsempha ya maso ndi kuchulutsa asidi m'magazi mpaka munthu kuchita khungu kapena kufa. Zizindikiro zimachedwa kuoneka kwa maola ambiri chifukwa choononga si metanolo weniweniyo koma chimene chiwindi chapanga. Ayisopuropanolo, pokhala wa sekondale, amathera pa asetoni m'thupi monga amachitira m'botolo. Ndi woopsa ndithu, amaledzeretsa kwambiri ndipo angakomole munthu, koma sasanduka asidi. Madokotala amagwiritsa ntchito kusiyana kumeneku poyeza wodwala amene wamwa chosadziwika: magazi akapezeka ndi ketoni wambiri koma asidi osakwera, amaganizira za ayisopuropanolo, pamene asidi akakwera kwambiri ndipo wodwala akudandaula za maso, amathamangira kuchiza metanolo.